Mukasintha logo musathamangire sitika: sankhulani mabana anu kaye

Sabata yathayi ndakumana ndi anzathu awiri, wina pa boda ya Forbes wina ku Sakubva, ndipo onse anandifunsa chinthu chimodzimodzi: bizinesi yasintha chizindikiro, logo yatsopano yabwera, koma m'nyumba muli mulu wa mabana okhala ndi logo yakale, kodi angomata sitika pamwamba? Ndinawayankha mwachidule chifukwa mzere unali kuyenda, ndiye ndati ndilembe bwinobwino pano. Maganizo anga ndi akuti mulu wa mabana suchiritsidwa ndi mankhwala amodzi. Ena amafuna chigamba, ena amafuna kusindikizanso, ena ntchito yawo inatha kale kungoti mwini wake sakufuna kuvomereza. Ndipo sitika yaing'ono yofanana ndi kukula kwa logo, imene ambirife timathamangira poyamba, ndiyo imadya ndalama kawiri. Ndinaphunzira zimenezi ndi ndalama zanga.

Ine ndimakhala kuno ku Mutare, ndimagulitsa zitenje ndi madengu amene ndimakaoda kumudzi kudzera ku Machipanda, Tete mpaka Mwanza. Kwa zaka zingapo bizinesi tinkachita awiri ndi alamu anga. Titasiyana, mwamtendere ndithu, logo yakale sinakanathekanso chifukwa inali ndi zilembo za maina a tonse awiri. Inali yozungulira ngati mbale, pakati pali nsomba ya chambo. Yatsopano ndi yaitali, dzina lolembedwa m'mawu ndi kadengu kumapeto, ndipo m'litali mwake ndi katatu kuposa msinkhu wake. Mabana ndinali nawo 11: apulasitiki ya PVC 6 a mamita 2 kwa mita 1, oimika okoka kuchokera m'kabokosi kachitsulo aja 3, ndi mbendera zansalu zokhala ngati nthenga 2. Unali mwezi wa Okutobala, malonda a Disembala ali pafupi, ndalama yambiri ili m'katundu.

Ndinachita zimene aliyense amachita. Ndinapita kwa wosindikiza wina m'tauni, ndinamutumizira logo pafoni, ndinati ndipangireni masitika 6 ophimba yakaleyo. Anandilipiritsa $5 iliyonse. Vuto loyamba linaonekera ndisanachoke n'komwe. Logo yakale inali masentimita 60 mbali zonse. Yatsopano ikakhala masentimita 60 m'litali, msinkhu wake ndi masentimita 20 basi. Ndiye mukaiika pakati pa bwalo lakalelo, pamwamba pamatsala masentimita 20 a chambo, pansinso 20. Mnyamata wa pakompyutayo, pofuna kundithandiza, anaikoka logoyo m'mwamba kuti idzaze malo. Zilembo zinatalika ngati munthu wodziyang'ana pa supuni, kadengu kanasanduka mtondo. Ndinali pachangu, ndinavomera. Kulakwa kunali kwanga.

Vuto lachiwiri linabwera ndi dzuwa. Bana yanga ya pamsika imamangidwa pamitengo iwiri, kumbuyo kulibe khoma. Masana dzuwa likapendeka n'kuwomba kumbuyo kwake, chambo chija chinkaoneka bwinobwino kudutsa m'sitika, ngati chithunzi cha m'chipatala. Kasitomala wina anandifunsa ngati alamu abwerera. Vuto lachitatu linatenga masabata atatu: m'mphepete mwa masitika munayamba kukwinyika, guluu anafewa n'kumanata ngati chingamu, fumbi linamatirira n'kupanga mzere wakuda kuzungulira chigamba chonse. Mvula yoyamba ya Novembala itagwa, awiri anatukuka makona.

Bambo wina wachikulire amene wakhala akulemba zikwangwani kuyambira nthawi ya penti ndi burashi ndiye anandifotokozera chifukwa chake. Pulasitiki ya bana imafewa chifukwa popanga amathiramo mankhwala okhala ngati mafuta. Mankhwalawo sakhala phee, amatuluka pang'onopang'ono, makamaka kukatentha, n'kulowa m'guluu wa sitika wamba. Guluuyo amafooka, sitika imakwinyika. Sitika yomweyo mukaimata pagalasi la shopu kapena pachitseko cha galimoto ikhoza kukhala zaka, koma pa bana yofewa, imene imapindidwa, kuwombedwa ndi mphepo ndi kuphikidwa ndi dzuwa la Okutobala, siichedwa. Alipo masitika opangidwira mabana enieni, koma muyenera kuwafunsa mwachindunji. Mukangoti "sitika" mupatsidwa imene ili pamakina tsiku limenelo.

Ulendo wachiwiri ndinayamba ndi kusankhula, monga timachitira ndi belo la kaunjika. Ndinayala mabana onse pabwalo masana, n'kuika pepala loyera la m'kope pambali pa malo oyera a bana iliyonse. Atatu amene ankakhala pamsika tsiku ndi tsiku kwa zaka ziwiri anali atasanduka achikasu ngati mano a wosuta fodya, mtundu wa buluu utazilala. Ndikapinda kona pang'ono, pamatsala mzere woyera ndipo pulasitiki imamveka kuuma. Imodzi inali itayamba kung'ambika pa timabowo ta chingwe. Mabana otere musawawonongere ndalama. Chigamba chatsopano chimawala kwambiri pakati pa zozilala, moti munthu ali patali amaona chigamba asanawerenge dzina. Ndipo ngakhale chigamba chitakhala bwino, mwagula denga latsopano la nyumba imene khoma lake likugwa. Atatu enawo ankangotuluka pa zionetsero ndi kumapeto kwa mwezi, nthawi zambiri ankakhala okulungidwa kuseri kwa kabati. Anali ofewa, mitundu ili bwino. Amenewo ndiwo oyenera chigamba.

Pabwalo pomwepo ndinapezanso chimene ndikanachiphonya. Maso anga onse anali pa logo yaikulu, koma pa mabana anayi panali nambala ya foni ya alamu m'munsi, ndipo pa oimika aja panali kalogo kena kakang'ono pakona ya pansi. Masabata onse aja makasitomala ena ankaimbira munthu amene sagulitsanso zitenje. Tengani kope, bana iliyonse ipatseni nambala, lembani kukula kwake, malo onse pamene pali logo, mtundu umene uli kuseri kwa logoyo, ndi china chilichonse chimene chasintha. Ndi ntchito ya ola limodzi, koma wosindikiza sangakuchitireni chifukwa sadziwa kuti nambala ili apoyo ndi ya yani.

Tsono chigamba chenichenicho. Apa ndi pamene ndimatsutsana ndi anzanga ambiri, chifukwa iwo amati chigamba chikhale chaching'ono kuti chisaoneke. Ine ndimati chikhale chachikulu kuti chioneke ngati chinali m'pulani. Amayi osoka mundimvetsa: diresi ikapsa ndi simbi pachifuwa, simusokapo kansalu kofanana ndi bowolo, mumasintha chigawo chonse ndi nsalu ina n'kukhala sitayilo. Pa mabana anga logo inali kumanzere. Tinasindikiza chigawo cha masentimita 70 m'lifupi, kutalika mita yonse kuchokera pamwamba mpaka pansi, chonse cha buluu wakuda, logo yatsopano yoyera ili pakati pake pa kukula kwake kwenikweni, 60 kwa 20. Bwalo lakale linaphimbika lonse ndi masentimita 5 otsala mbali iliyonse. Mbali zitatu za chigamba zinathera m'mphepete mwa bana, ndiye mzere woonekera unatsala umodzi wokha, woongoka, pamene buluu akukumana ndi zoyera. Palibe amene anandifunsapo za mzere umenewo.

Onaninso kuti sitinayese kufananitsa zoyera ndi zoyera. Zoyera za lero ndi za chaka chatha sizifanana ngakhale bana itasungidwa bwino chotani, ndipo kusiyana kwapang'ono kumaoneka koipa kuposa kusiyana kwadala. Sankhani mtundu wakuda umene uli kale pa bana yanu penapake. Kwa ine unali buluu wa mzere wa m'munsi.

Chigambacho sichinali sitika. Chinali pulasitiki ya PVC yomweyo, koma ya mtundu umene uli ndi chakuda pakati kuti kuwala kusadutse. Osindikiza amaitchula kuti bulokauti. Musangokhulupirira mawu, yesani: yatsani tochi ya foni, ikani kuseri kwa kachidutswa. Kuwala kukadutsa, logo yanu yakale idzadutsanso. Pomata, bana inatsukidwa ndi madzi a sopo, inauma, kenako inapukutidwa ndi sipiriti pang'ono pa kansalu kuchotsa mafuta ndi guluu wa masitika aja, titayesa kaye pakona kuti inki isasungunuke. Thinazi musamuyandikize, amanyambita inki ndi kufewetsa pulasitiki. Guluu anali wa PVC, amene amagwiritsa ntchito okonza matenti a malole, wopakidwa mbali zonse ziwiri, bana itagonekedwa patebulo losalala, n'kutsindira kuyambira pakati kupita kunja kuti mphepo ituluke. Inagona usiku wonse pansi pa thabwa ndi njerwa. M'mawa anaboolanso timabowo ta m'makona awiri akumanzere kuti chingwe chigwire zonse pamodzi. Imodzi ndinaipititsanso kwa wosoka matenti kuti adutsitse ulusi pamzere uja, chifukwa ndiyo imapita pamalo a mphepo.

Ndalama zake zinali motere, ngakhale mitengo imasiyana shopu ndi shopu ndipo imasintha. Wosindikiza wanga wachiwiri ankawerengera $10 pa sikweya mita. Bana yatsopano ya mamita 2 kwa 1 inali $20, kuphatikiza kupinda m'mphepete ndi timabowo $22. Chigamba cha 70 kwa 100 chinali $7, guluu ndi ntchito $2, pamodzi $9. Pa mabana atatu abwino ndinalipira $27 m'malo mwa $66. Atatu okalamba ndinasindikizanso pa $66. Muyezo wanga kuyambira pamenepo ndi wakuti chigamba chikapitirira theka la mtengo wa bana yatsopano, ndisindikizanso basi. Izi zimachitika logo ikakhala pakati pa bana, kapena pakafunika zigamba ziwiri, china cha logo china cha nambala. Mwa mwayi mabana awiri a PVC okhala ndi nambala ya alamu anali m'gulu la okalamba.

Mabana oimika aja musawamate chilichonse. Pepala lake limakulungidwa molimba pa kachitsulo ka sipuling'i m'kati mwa bokosi, ndipo malo ake ndi oyezedwa. Chigamba chimanenepetsa mbali imodzi, pepala limayamba kulowa mopendeka, m'mphepete mumadyeka, tsiku lina limakana kulowa muli pakati pa chionetsero. Koma musagulenso bokosi. Chodula ndi bokosilo ndi ndodo yake, ndipo wosindikiza wodziwa ntchito amatha kuchotsa pepala lakale la masentimita 85 kwa 200 n'kuika latsopano. Ine ndinalipira $25 iliyonse pamene yathunthu ankati $60. Musayese kutsegula nokha kunyumba osatsekera sipuling'iyo ndi kapini kake, ikathawa imazungulira mwaukali ndipo kuibwezera ndi ntchito ina. Mbendera zansalu nazo n'chimodzimodzi: inki yake inalowa m'nsalu momwemo, sitika siigwira pansalu yowuluka, ndiye mumasunga ndodo ndi tsinde n'kusindikiza nsalu yokha. Ine ndinapanga imodzi, inayo ikudikira ndalama.

Kusindikizanso kumatifikitsa ku nkhani ya mafayilo, imene amalonda ambiri timaiona ngati si yathu. Ndi yathu. Amene anakujambulirani mabana poyamba anali ndi fayilo imene chilichonse chili pachokha, logo payokha, mawu paokha, chithunzi pachokha. Kuno ambiri amagwiritsa ntchito CorelDRAW ndipo dzina la fayilo yotere limathera ndi .cdr. Ikapezeka, kusintha logo ndi ntchito ya mphindi zochepa: amachotsa yakale, amalowetsa yatsopano. Ikasowa n'kutsala chithunzi cha .jpg chokha, zonse zinaphikidwa pamodzi ngati nsima, simungachotsemo ufa. Logo ikakhala pa mtundu umodzi wosalala amatha kuiphimba pakompyuta. Koma pa mabana anga oimika inali pamwamba pa chithunzi cha chitenje cha maluwa, ndipo fayilo ya awiri mwa atatuwo inapita ndi kompyuta imene inafa. Anayamba kujambula pachiyambi, ndinalipira ntchito imene ndinalipira kale zaka zapitazo. Lero mafayilo onse ndili nawo pa fulashi ndi pa imelo yanga. Mukamalipira wojambula, nenani poyambirira kuti mtengowo ukuphatikiza fayilo.

Logo yatsopanonso ifunseni m'mitundu yoyenera. Imene ndinatumiza ulendo woyamba inali chithunzi chodutsa pa WhatsApp, ndipo WhatsApp imafinya zithunzi kuti zipepuke. Pafoni chimaoneka bwino, koma chikakulitsidwa kufika masentimita 60, m'mphepete mwa zilembo mumakhala mano ngati a sowo. Kuti logo ya masentimita 60 ituluke yosalala kwa munthu woima pafupi, imafuna timadontho, mapikiselo, pafupifupi 2,400 m'litali mwake. Chabwino koposa ndi fayilo imene amati vekita, ya .cdr, .ai, .eps, .svg kapena .pdf yochokera kwa wojambula mwiniwake, chifukwa imeneyo imakula mpaka kukwana khoma osasweka. Kuyesa kwake n'kosavuta: auzeni aikulitse kwambiri pakompyuta inu mukuona. Mzere ukakhalabe wakuthwa, ili bwino. Potumiza pa WhatsApp sankhani Document, osati chithunzi. Funsaninso logo ya mitundu yake ndi ina yoyera yokhayokha yoika pa malo akuda, zonse zopanda bokosi loyera kumbuyo. Mukaona bana imene logo yake yakhala m'kabokosi koyera pamwamba pa mtundu wina, dziwani kuti wina anatumiza .jpg.

Ndipo mukhale pambali pa wojambulayo pamene akuika yoyamba. Logo imakulitsidwa pogwira pakona kuti m'litali ndi msinkhu zikulire pamodzi. Akagwira pambali kapena pamwamba, ndiye supuni ija. Ngati malo a logo yakale sakukwana yatsopano, asunthe mawu, asakoke logo. Yoyamba ikakukhutiritsani, ena onse atsatire imeneyo, kenako akuonetseni onse pamodzi patsamba limodzi musanalole makina kuyamba. Pamenepo mudzaona amene logo yake yatsika, amene yakula kuposa anzake, ndi amene waiwalidwa. Pemphaninso kachidutswa kosindikizidwa ka mtundu wanu mutuluke nako panja, chifukwa buluu wa pakompyuta ndi wa papulasitiki si m'modzi. Onse asindikizidwe pa makina amodzi tsiku limodzi ngati n'kotheka.

Pali amene anganene kuti zonsezi n'zochuluka kwa munthu wogulitsa zitenje, makasitomala amabwera chifukwa cha katundu, osati logo. Pali choona pamenepo, ndipo ngati mwangokongoletsa logo pang'ono dzina lili lomwelo, ine ndinganene kuti asiyeni mabanawo akalambe okha, muzisintha imodziimodzi ikang'ambika. Koma dzina kapena mwini akasintha, nkhani ndi ina. Ife timalandira ndalama za oda katundu asanafike, munthu amakupatsani $50 n'kudikira masabata awiri. Munthu ameneyo akaona maina awiri pa tebulo limodzi, kapena dzina lina likusuzumira pansi pa linzake, amayamba kudzifunsa kuti ndalama yake akupatsa yani.

Makampani akuluakulu amaidziwa bwino mfundo imeneyi. Amene tinali kuno tikukumbukira kuti mu 2017 kampani ya FMB Capital Holdings, yochokera ku banki ya kwathu ku Malawi, inagula gawo lalikulu la Barclays ya ku Zimbabwe, ndipo mu 2018 dzina linasintha kukhala First Capital Bank. Dzina silinasinthe tsiku logula, panadutsa pafupifupi chaka, ndipo anthu anauzidwa zimene zikubwera. Kumudzi nako tinaona Celtel ikusanduka Zain mu 2008, kenako Airtel mu 2010. Pamenepo sichinali chizindikiro chokha chimene chinasintha, mitundu yonse inasintha, ndiye makoma a magolosale ankapakidwanso penti yense, osati kungolemba dzina latsopano pakona. Phunziro la ife aang'ono lili pa mitunduyo. Ngati muli pa nthawi yojambulitsa logo yatsopano ndipo muli ndi mabana ambiri abwino, sungani mtundu umodzi waukulu wa kale. Ine ndinasunga buluu, n'chifukwa chake chigamba chinatheka. Ndikanasankha zofiira, onse 11 akanapita. Ife sitingathe kusintha zonse usiku umodzi, koma tingathe kuonetsetsa kuti pamalo amodzi pasakhale yakale ndi yatsopano limodzi. Ndinayamba ndi ya pamsika, chifukwa ndiyo imaonedwa tsiku lililonse, enawo anakhala m'nyumba mpaka atakonzedwa.

Kwa inu amene muli maejenti a kampani ina, yotumiza ndalama kapena ya mabasi, ndipo iwo ndiwo asintha logo: musaitenge pa intaneti n'kukasindikiza nokha. Logoyo ndi yawo, ali ndi malamulo a kaikidwe kake, ndipo kawirikawiri amapereka okha zikwangwani zatsopano kapena fayilo yoyenera. Funsani kaye musanatulutse ndalama yanu.

Mabana a chigamba aja atha chaka tsopano. Ndimawakulunga, sindiwapinda, zolemba zili kunja, pa paipi yapulasitiki yotsala pomanga, chifukwa kupinda kumathyola pamzere wa guluu. Okalamba atatu aja sindinawataye. Ndinadulapo logo ndi nambala ndi lumo kuti wina asadzawatole n'kukaimika pa tebulo lake m'dzina lathu lakale, ndipo otsalawo ndi amene ndimakutira mabelo a zitenje pamwamba pa basi tikamadutsa ku Tete nthawi ya mvula.